Phukusi likasowa kapena kusweka: momwe mungapezere chipukutamisozi ku kampani yonyamula katundu

Munthu amene phukusi lake lasowa amapita kukadandaula ali ndi nambala imodzi m'mutu, ndalama imene anagulira katunduyo. Kampani yonyamula katundu siyambira pamenepo. Iyo imayang'ana manambala atatu: mtengo weniweni wa zimene mwataya monga mwa umboni umene mwapereka, mtengo umene wotumiza analemba pafomu tsiku lotumiza, ndi malire amene kampaniyo kapena lamulo linaika. Pa atatuwa, imene mudzalandire ndi yochepa kuposa inzake, koma wotumiza akalemba mtengo pa malo oyenera n'kulipira ndalama yowonjezera, malirewo amakwera. Mukamvetsa zimenezi, mudziwa poyika mphamvu ndi posataya nthawi, chifukwa nambala ziwiri mwa zitatuzo zinakhazikika kale phukusi lisananyamuke, ndipo imodzi yokha ndiyo ili m'manja mwanu tsopano.

Kuti nkhani isayandame, titsatira phukusi limodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mayi wina akutumiza laputopu kwa mwana wake amene akuphunzira kudziko lina. Anaigula zaka ziwiri zapitazo pa madola 900 a ku America, ndipo lero laputopu yogwiritsidwa kale ntchito ya mtundu womwewo ikugulidwa madola pafupifupi 550. Phukusi lonse pamodzi ndi katoni likulemera makilogalamu 2.5 ndipo likuyenda pa ndege. Lafika sikirini itasweka.

Yambani ndi pepala lotumizira

Musanayimbe foni kapena kulemba kalata, tulutsani pepala limene wotumiza anapatsidwa pa kauntala, lija lokhala ndi nambala yolondolera phukusi. Ngati anatumiza kudzera pa intaneti, pepalalo lili mu imelo kapena mu akaunti yake. Pamenepo fufuzani malo olembapo mtengo. Pa mafomu ambiri a katundu wodutsa malire a mayiko malowa amakhala awiri, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera.

Malo oyamba amalembedwa kuti Declared value for customs. Umenewu ndi mtengo umene akuluakulu a msonkho wa pachipata amawerengerapo msonkho. Kampani yonyamula katundu siulipira ayi phukusi likawonongeka. Malo achiwiri amalembedwa kuti Declared value for carriage, ndipo makampani ena amawatchula ndi dzina lina lokhudza chitetezo cha katundu kapena inshuwalansi. Umenewu ndiwo umakweza ndalama zimene kampani ingalipire, ndipo umayendera limodzi ndi ndalama yowonjezera imene wotumiza amalipira. Njira yachidule yodziwira ndi kuyang'ana lisiti: ngati palibe mzere wosonyeza kuti munalipira kanthu kena pamwamba pa mtengo wonyamulira chifukwa cha mtengo wa katundu, dziwani kuti malire sanakwezedwe, ngakhale mutawona madola 900 atalembedwa mooneka bwino pa pepala la msonkho.

Nanga malirewo ndi angati ngati simunalembe kanthu? Zimatengera njira imene katundu anayenda. Katundu wouluka pa ndege pakati pa mayiko amene anavomereza Pangano la Montreal la 1999 ali ndi malire owerengedwa pa kilogalamu. Poyamba anali 17 SDR pa kilogalamu, kenaka 19, kenaka 22 kuyambira kumapeto kwa 2019, ndipo kuyambira pa 28 Disembala 2024 ndi 26 SDR. SDR si ndalama yoti muigwire m'manja. Ndi muyezo wa bungwe la IMF, umene mphamvu yake imasinthasintha tsiku ndi tsiku ndipo imapezeka pa tsamba la bungwelo. M'chitsanzo chathu tiyerekeze kuti SDR imodzi ndi madola 1.35.

Phukusi la mayi uja ndi la makilogalamu 2.5. Tikachulukitsa 26 ndi 2.5 tipeza 65 SDR, amene ndi madola pafupifupi 88. Laputopu ya madola 550, malire ake madola 88. Kumeneku si kubera kwa wantchito wa pa kauntala ndipo kukalipa sikusintha kanthu. Malire owerengedwa pa kulemera amavulaza kwambiri katundu wopepuka koma wodula: foni, kamera, wotchi, mankhwala, zipangizo zing'onozing'ono za makina. Thumba la zovala zakale lolemera makilogalamu 20 lili ndi malire a 520 SDR, kuposa mtengo wake, pamene foni ya theka la kilogalamu ili ndi 13 SDR yokha.

Katundu woyenda pa msewu pakati pa mayiko amene ali m'pangano la CMR la 1956, ambiri mwa iwo a ku Ulaya ndi oyandikana nawo, malire ake ndi 8.33 SDR pa kilogalamu. Katundu wa m'dziko momwemo amayendera lamulo la dzikolo ndi malamulo a kampaniyo, aja olembedwa m'zilembo zing'onozing'ono kuseri kwa pepala kapena pa tsamba lawo. Makampani ambiri amangoika ndalama imodzi pa phukusi lililonse. Ku America, mwachitsanzo, makampani a UPS ndi FedEx akhala akuika madola 100 pa phukusi limene mtengo wake sunalembedwe. Pezani ndime imeneyi ya kampani yanu, muiwerenge yonse, ndipo muijambule, chifukwa masamba a pa intaneti amasintha ndipo inu mukufuna malamulo amene analipo tsiku lotumiza.

Mphindi zoyambirira phukusi likafika

Gawo ili ndi la wolandira, ndipo ndi pamene madandaulo ambiri amafera asanabadwe. Dalaivala amakhala wothamanga, amakupatsani kachipangizo kosayinapo, inu mumasayina osayang'ana. Koma siginecha yopanda mawu alionse imatengedwa ngati umboni woyamba woti katundu wafika ali bwino. Pangano la Montreal limanena zimenezi poyera. Sikuti mlandu wathera pomwepo, koma kuyambira pamenepo ntchito yotsimikizira kuti sizinali choncho yagwera inu.

Choncho musanasayine, litembenuzeni phukusilo mbali zonse zisanu ndi imodzi. Yang'anani ngodya zophwanyika, kabowo kolasidwa, banga la madzi, tepi ya mtundu wina yomatidwa pamwamba pa ya wotumiza, kapena phukusi lopepuka mosayenera. Ligwedezeni pang'ono mumve ngati muli zogobedeza. Mukawona chilichonse, lembani pa pepala la dalaivala kapena mumuuze alembe m'kachipangizo kake, ndipo mawu ake akhale enieni: "Katoni yaphwanyika pa ngodya ya kumanzere, tepi yang'ambika pansi." Kungolemba kuti "sindinayang'ane m'kati" n'kopepuka kwambiri, makampani ambiri sakuwerengera ngati dandaulo. Jambulani phukusilo likadali m'manja mwa dalaivala kapena pakhomo pomwepo.

Kodi mulikane phukusi lowonongeka? Ngati zikuonekeratu kuti zam'kati zatheratu, kukana n'kotheka ndipo dalaivala alembe chifukwa chake. Koma pa katundu ngati laputopu ine ndimalangiza kulandira mutalemba dandaulo. Phukusi lokanidwa limayenda ulendo wina wobwerera, limagundidwanso, ndipo umboni wonse umachoka m'manja mwanu.

Potsegula, jambulani kanema wosadukiza kuyambira katoni ikadali yomata. Onetsani chizindikiro chokhala ndi nambala yolondolera kuti chiwerengeke bwino, dulani tepi, onetsani momwe zotetezera zinaikidwira, kenaka tulutsani katunduyo. Pambuyo pake jambulani zithunzi: mbali zonse za katoni, chizindikiro chapafupi, zotetezera zonse zitayalidwa, malo osweka chapafupi ndi chapatali, ndi nambala ya fakitale imene ili pansi pa laputopu. Chithunzi chamtengo wapatali kuposa zonse ndi chimene chikuonetsa kuti pamene katoni yaphwanyika ndi pomwepo pamene sikirini yasweka. Chimenechi chimalumikiza kuwonongeka ndi ulendo.

Kenaka sungani zonse: katoni, mapepala okulungira, thovu, tepi, ngakhale tizidutswa ta galasi. Musaikonzetse laputopuyo, ndipo musaibweze kwa wotumiza kampani isananene. Makampani ali ndi ufulu wotumiza munthu kudzayendera, ndipo akapeza kuti katoni inatayidwa amakana dandaulo chifukwa sangathe kuweruza kapakidwe kake. N'zowawa kuti mwana wasukulu akhale ndi laputopu yosweka masabata angapo, koma akaithamangitsira kwa wokonza, umboni wapita.

Masiku akuwerengedwa

Pa katundu wa pa ndege wa Pangano la Montreal, dandaulo la kuwonongeka liyenera kuperekedwa molemba pasanathe masiku 14 chilandirireni katunduyo, ndipo la kuchedwa pasanathe masiku 21. Mukaphonya, ufulu wokasuma umatha, kupatula ngati kampani inachita chinyengo. Pa CMR, kuwonongeka koonekera kumanenedwa nthawi yolandira, ndipo kobisika pasanathe masiku 7 osawerengera Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Ku positi, kufunsa za phukusi lochokera kapena lopita kudziko lina kumaloledwa pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chitumizireni. Makampani alinso ndi masiku awoawo, ena ochepa kwambiri, ndipo ena amayamba kuwerenga tsiku limene anatenga phukusi osati limene linafika. Musavutike kusankha kuti nthawi yanu ndi iti: lembani tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Mawu oti molemba ndi ofunika. Kuyimba foni n'kwabwino pofuna nambala ya dandaulo, koma sikuimitsa masiku. Mukayimba, lembani tsiku, nthawi ndi nambala imene akupatsani, kenaka tumizani imelo kapena dzazani fomu ya pa tsamba lawo ndi kusunga chithunzi cha tsamba lovomereza kuti alandira. Simufunika kudikira kuti mapepala onse akwanire. Chidziwitso choyamba chikhoza kukhala chachifupi chonchi: "Phukusi la nambala yakuti linafika pa tsiku lakuti. Katoni inali yophwanyika ndipo sikirini ya laputopu ya m'katimo yasweka. Ndikudziwitsa kuti ndikufuna chipukutamisozi. Katoni ndi zonse ndasunga kuti mudzayendere. Mapepala a mtengo nditumiza posachedwa." Zithunzi ziwiri kapena zitatu zipite nawo limodzi.

Funso lina loyenera kulithetsa tsiku loyamba ndi lakuti wodandaula ndani. Mgwirizano wonyamula uli pakati pa kampani ndi amene analipira, kawirikawiri wotumiza, ndipo makampani ambiri amalipira iyeyo. Wolandira akafuna kulandira yekha, amapemphedwa kalata yochokera kwa wotumiza yomusiyira ufuluwo. M'chitsanzo chathu mwana ndiye ali ndi katoni ndi zithunzi, mayi ndiye ali ndi lisiti ndi mgwirizano. Agwirizane kuti mmodzi ndiye azilemba, chifukwa madandaulo awiri pa nambala imodzi amasokonezana ndipo limodzi limatsekedwa. Ngati katunduyo munagula pa sitolo ya pa intaneti ndipo wogulitsa ndiye anasankha kampani yonyamula, pitani kwa wogulitsayo. M'mayiko ambiri iye ndiye ali ndi udindo mpaka katundu afike m'manja mwanu, ndipo zokangana ndi kampani ndi zake. Chimodzimodzi ngati munalipira kudzera kwa mkhalapakati amene amagulitsa ntchito za makampani angapo: dandaulo limapita kwa iye, ndipo malire ake akhoza kusiyana ndi a kampani imene dzina lake lili pa galimoto.

Ngati phukusi silinafike n'komwe

Kusowa kuli ndi njira yake. Kampani siyamba ndi kulipira, imayamba ndi kufufuza. Tsiku loyembekezeka likadutsa ndipo mbiri ya pa intaneti yaima malo amodzi, pemphani kuti atsegule kafukufuku. Apatseni zimene zingathandize munthu wa m'nyumba yosungira katundu kulizindikira ngati chizindikiro chinamatuka: kukula ndi mtundu wa katoni, mtundu wa tepi, dzina la chipangizo ndi nambala yake ya fakitale. Kulemba kuti "zamagetsi" sikuthandiza aliyense. Jambulani mbiri ya ulendo lero lomwe, popeza pakapita nthawi imachotsedwa pa tsamba.

Musalole kafukufuku akhale wopanda mapeto. Pa Pangano la Montreal, katundu akapanda kufika patatha masiku 7 kuchokera tsiku limene anayenera kufika, wolandira ali ndi ufulu woyamba kufuna zimene mgwirizano umamupatsa. Pa CMR katundu amatengedwa kuti watayika patatha masiku 30 kuchokera pa tsiku limene munagwirizana, kapena masiku 60 chitengereni ngati panalibe tsiku logwirizana. Perekani dandaulo lanu la ndalama kafukufuku akadali m'kati, kuti masiku asakuthereni mukudikira.

Chovuta kwambiri ndi pamene tsamba likuti phukusi laperekedwa koma inu simunalione. Funsani a m'nyumba ndi oyandikana nawo kaye, kenaka pemphani umboni wa kuperekedwa: siginecha, dzina la wolandira, nthawi, chithunzi cha pakhomo, ndi malo amene kachipangizo ka dalaivala kanasonyeza. Ngati chithunzi chikuonetsa khomo lina, jambulani lanu mutumize zonse ziwiri. Koma ngati wotumiza kapena wolandira anavomereza kuti phukusi lisiyidwe pakhomo popanda siginecha, makampani ambiri amati udindo wawo unathera pomwepo, ndipo dandaulo lotere n'lovuta kupambana.

Kutsimikizira mtengo

Tafika pa nambala imene ili m'manja mwanu. Mtengo wolembedwa pafomu si lonjezo loti adzakupatsani ndalama imeneyo. Uli ngati denga la nyumba: simungapyole pamenepo, koma palibe amene akukukwezani kuti mulikhudze. Muyenera kusonyeza zimene mwatayadi.

Pa katundu watsopano, lisiti kapena inivoisi yogulira pamodzi ndi umboni wa kulipira, monga sitetimenti ya kubanki, n'zokwanira. Wamalonda adziwe kuti makampani ambiri amalipira mtengo umene iye anagulira kapena kupangira katunduyo, osati phindu limene akanapeza, choncho akhale ndi mapepala a mbali zonse ziwiri. Pa katundu wakale amachotsa za kutha kwake. Kwa mayi uja, lisiti la madola 900 likutsimikizira kuti laputopuyo ndi yake ndiponso mtundu wake, koma mtengo wa lero autsimikizire ndi zithunzi za malonda atatu kapena anayi a laputopu ya mtundu womwewo, ya zaka zomwezo, makamaka zimene zinagulidwadi osati zongotsatsidwa. Ndi bwino kubweretsa nokha nambala ya 550 yokhala ndi umboni kusiyana n'kulemba 900 n'kusiyira kampani kuti idule momwe ikufunira.

Pa katundu wowonongeka, pitani naye kwa wokonza wodziwika kuti ayang'ane ndi kulemba mtengo wokonzera pa pepala la bizinesi yake, osakonza. Alembenso chimene chaswa: kuti sikirini yasweka chifukwa chopanikizidwa kapena kugundidwa kuchokera kunja. Tinene kuti walemba madola 240.

Tsopano tiwone zimene mayiyu angalandire malinga ndi zimene analemba tsiku lotumiza. Ngati sanalembe mtengo wa kanyamulidwe, wataya 240 koma malire ndi 88, alandira 88. Ngati analemba 900 pa malo a msonkho okha, alandirabe 88 yomweyo. Ngati analemba 550 pa malo oyenera ndi kulipira yowonjezera, alandira 240 yonse yokonzera, ndipo laputopuyo ikanasowa akanalandira 550. Ngati analemba 900 pa malo oyenera, alandira 240 pa kusweka kapena 550 pa kusowa, chimodzimodzi. Ndalama imene analipirira madola 350 apamwambawo inangopita. Pangano la Montreal limalola kampani kulipira zochepera pa mtengo wolembedwa ikasonyeza kuti mtengowo unaposa weniweni.

Patsala njira imene imapweteka kuposa zonse. Wina anamulangiza mayiyo kuti alembe madola 100 kuti mwana asalipire msonkho wambiri. Tsopano denga lake silingapose 100, ndipo akatulutsa lisiti la 900 akudzipereka yekha kuti analemba zabodza pa pepala la boma. Kampani ikhoza kukana dandaulo lonse chifukwa cha kusagwirizana kwa mapepala. Makampani ambiri salolanso kuti mtengo wa kanyamulidwe upose wa msonkho, choncho wotsitsa umodzi watsitsa yonse iwiri. Palinso inshuwalansi zina za katundu zimene zimalipira mogawa: mukatetezera theka la mtengo weniweni, amakupatsani theka la zowonongeka, kotero kuti pa 240 mulandira 120.

Pa dandaulo lanu onjezani ndalama yonyamulira, makamaka ngati phukusi lasowa, chifukwa ambiri amabweza koma pokhapokha mutapempha. Zimene simuyenera kutayirapo nthawi ndi zotsatira za kusowako: ntchito imene inaima, kasitomala amene anathawa, mayeso amene mwana analemba wopanda laputopu, mafayilo amene anali m'katimo. Pafupifupi malamulo a kampani iliyonse amakana zimenezi poyera, ndipo kuzilemba kumangophimba mfundo zanu zolimba.

Kalata yeniyeni ikhale ya tsamba limodzi. Ikhale ndi nambala yolondolera, tsiku lotumiza ndi lolandira, kulemera, mtengo wolembedwa, zimene zinachitika m'ziganizo zitatu kapena zinayi, momwe katundu anapakidwira, ndalama imene mukufuna ndi momwe mwaiwerengera. Mapepala onse apite ulendo umodzi, aliyense ali ndi dzina lomveka. Tumizani makope, enieniwo sungani.

Akakana

Kukanidwa koyamba si mapeto, ndipo chifukwa chimene chimabwera kawirikawiri pa katundu wosweka ndi chakuti sanapakidwe bwino. Chifukwachi chili ndi mphamvu m'malamulo: Pangano la Montreal limamasula kampani ngati yasonyeza kuti kuwonongeka kunachokera ku kapakidwe koipa ka munthu amene si wantchito wake, ku chilema cha katunduyo, ku nkhondo, kapena ku zochita za boma pa chipata. Onani bwino kuti wosonyeza ndi kampani. Choncho musayankhe ndi mkwiyo. Afunseni molemba kuti ndi ndime iti ya malangizo awo a kapakidwe imene sinatsatidwe, ndipo pemphani lipoti la amene anayendera.

Kenaka yerekezani malangizowo ndi zithunzi zanu. Makampani ambiri amafuna katoni yolimba yosatopa, zotetezera za masentimita 5 kapena kuposerapo mbali zonse, katundu wosagwedera m'kati, ndi tepi yomata mizere yonse ya pamwamba ndi pansi. Ngati mayi uja anajambula laputopu ili m'katoni asanatseke, rula itaikidwa pambali pa thovu, yankho lake ndi lamphamvu. Ngati katoni ili ndi bowo lolasidwa kapena chidindo cha tayala, nenani kuti palibe kapakidwe kovomerezeka kamene kangapirire zimenezo. Ngati anapakira ndi antchito a kampaniyo pa kauntala ndipo lisiti likuonetsa kuti munalipira ntchito imeneyo, chifukwa chawo chagwa chokha. Koma kunena zoona, ngati laputopuyo inangokulungidwa m'juzi n'kuponyedwa m'katoni yakale ya nsapato, mwayi ndi wochepa. Kapepala komata kolembedwa kuti katunduyu ndi wosachedwa kusweka sikalowa m'malo mwa thovu.

Chifukwa china ndi chakuti katunduyo ali pa mndandanda wa zinthu zimene salipira kapena amalipira pang'ono: ndalama, miyala ya mtengo wapatali, zodzikongoletsera zagolide, zojambula za aluso, zinthu zakale, magalasi, zakudya zowonongeka msanga, nthawi zina ngakhale zamagetsi zakale. Chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti fomu ya pa intaneti ikhoza kulandira ndalama yanu yowonjezera osakuchenjezani, n'kudzakuuzani za mndandandawo katundu atasweka kale. Zikatero, pemphani kuti abweze ndalama yowonjezerayo, ndipo ngati munalemba dzina lenileni la katunduyo pafomu iwo n'kulandira, gwiritsani ntchito mfundo imeneyo popitiriza dandaulo. Amene analemba kuti "mphatso" alibe choimirapo.

Akakupatsani ndalama yochepa, werengani bwino musanavomere. Nthawi zambiri kulandira kumatanthauza kuti nkhani yatha. Funsani momwe awerengera. Ngati agwiritsa ntchito 22 SDR pa phukusi lotumizidwa mu 2025, kapena aiwala kuti munalipira yowonjezera, kulakwitsa kumeneko kumakonzeka ndi imelo imodzi yokhala ndi lisiti. Dziwaninso kuti akalipira mtengo wonse wa katundu, ali ndi ufulu womutenga wowonongekayo. Ngati mu laputopu muli mafayilo anu, akopereni ndi kuwafufuta musanaipereke.

Kudandaula kwa m'kati mwa kampani kukakanika, pemphani yankho lawo lomaliza molemba, chifukwa kulikonse kumene mupite adzalifuna. Mayiko ambiri ali ndi bungwe loyang'anira za positi ndi makampani onyamula katundu kapena loteteza ogula, ndiponso bwalo la milandu ing'onoing'ono losafuna loya. Ngati munagula katundu ndi khadi ya kubanki ndipo sanafike, banki ili ndi njira yobwezera ndalama, imene ilinso ndi masiku ake. Yang'ananinso ngati inshuwalansi ina imene muli nayo, ya nyumba kapena ya bizinesi, imateteza katundu wa paulendo. Imeneyo siimangidwa ndi malire a pa kilogalamu.

Musanapite kubwalo, bwererani ku manambala atatu aja. Bwalo likhoza kukakamiza kampani kulipira zimene inakana, koma pa katundu wa pa ndege wa Pangano la Montreal silingapyole malire a 26 SDR pa kilogalamu ngati mtengo sunalembedwe, ngakhale kusasamala kwa kampani kutaoneka poyera. Mayi amene sanalembe mtengo akumenyera madola 88, ndipo imelo ziwiri zolembedwa bwino ndiye malire a khama loyenera. Amene analemba 550 n'kukanidwa 240 yokonzera ali ndi chifukwa chopitirira. Nthawi yokasuma ndi zaka ziwiri pa Pangano la Montreal, kuwerengera tsiku limene katundu anafika kapena anayenera kufika, ndi chaka chimodzi pa milandu yambiri ya CMR. Pa Pangano la Montreal makalata amene mukulemberana ndi kampani saimitsa zaka ziwirizo, choncho lembani tsiku lomaliza pa chikuto cha fayilo yanu ndipo mukawona kuti miyezi ikupita popanda yankho, musadikire mwezi wotsiriza.